"Ndiikeni m'maduwa": zoyenera kuchita munthu akapempha duwa pansi pa kanema



Phunziro la lero likupita kwa aliyense amene amayang'anira makanema a mzikiti, a madrasa kapena a gulu la achinyamata, komanso kwa tonsefe amene timalemba pansi pa makanemawo. Mukaponya hutuba ya Lachisanu yonena za kupirira, mudzaona kuti anthu ambiri sakambako za hutubayo ayi. Amayamba kutula nkhawa zawo. Wina akuti mayi ali gone m'chipatala ku Liwonde, wina akulemba mayeso a Fomu 4, wina banja lake likugwedezeka. Onse akumaliza ndi mawu amodzi: ndiikeni m'maduwa.

Ife timayankha kuti "Amiin" n'kupitirira. Koma pempho la duwa lolembedwa pagulu limabwera ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: vuto la munthuyo ndi chinsinsi chake. "Amiin" amayankha vutolo. Chinsinsicho chimatsala pamtetete, ndipo amene ali ndi udindo wochiphimba ndi amene anaponya kanemayo.

Mayi amene anapempha kuti asamavundukuke

Kupempha munthu wamoyo kuti akupangire duwa n'kololedwa. Mu Bukhari ndi Muslim muli hadisi ya Ibn Abbas yonena za mayi wina amene ankadwala khunyu. Anapita kwa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) kukapempha duwa, n'kufotokoza kuti akagwa thupi lake limavundukuka. Mtumiki anamupatsa mwayi wosankha: apirire kuti akapeze Jana, kapena amupemphere kuti achire. Mayiyo anasankha kupirira, koma anapempha chinthu chimodzi, kuti amupemphere asamavundukukenso akagwa. Mtumiki anamupemphera zimenezo.

Taonani, abale anga. Matenda anavomera kuwasenza, koma kuonekera poyera anakana. Anthu amene amalemba pansi pa makanema athu ndi chimodzimodzi. Kungoti panthawi imene akulembayo mtima uli pa ululu, sakuganiza zoti mawuwo awerengedwa ndi apongozi awo, anzawo a kusukulu ndi wakuba yemwe.

Hadisi ina, ya Abu Darda mu Muslim, imatiphunzitsa kuti duwa yopangira m'bale wako iye kulibe imayankhidwa, ndipo mngelo amakupemphera iwenso zomwezo. Apa tikupezapo mfundo imene ndondomeko yonse yaimapo: duwa sifuna dzina lonse, mudzi, chithunzi kapena nambala ya foni. Allah akumudziwa kale munthuyo. Zambiri zimene timafunsa ndi chidwi chathu chabe.

Kumzikiti zimenezi timazitha bwino. Munthu amadikira swala ithe, n'kukanong'oneza Shehe, ndipo Shehe amangoti m'bale wathu wina akudwala, timukumbukire. Pansi pa kanema palibe kunong'ona. Mawu amakhalapobe miyezi, wina amajambula sikirinishoti n'kuponya m'gulu la WhatsApp la kumudzi. Ndipo madera ngati Ntaja, Nsanama kapena Ulongwe anthu amadziwana. Dzina loyamba ndi mudzi basi, munthu wadziwika kale.

Mitundu inayi ya mapempho

Musanayankhe, werengani kaye pempho lonse n'kuliika pa gulu lake.

Loyamba ndi pempho wamba: mayeso, ulendo, kufuna ntchito, matenda osatchula zambiri. Ili liyankheni poyera ndi duwa yaifupi yogwirizana ndi zimene wapemphazo, n'kulisiya pomwepo.

Lachiwiri ndi pempho loulula chinsinsi: muli nambala ya foni, dzina la matenda a munthu wina, mkangano wa m'banja wotchula dzina la mwamuna kapena mkazi, tchimo limene munthu akulapa, kapena chithunzi cha wodwala ali pabedi. Ili silikhala pagulu.

Lachitatu ndi pempho langozi: munthu akudwala mwakayakaya ali kunyumba, akumenyedwa, mwana akuchitidwa nkhanza, kapena wina akulankhula ngati akutsanzika. Apa duwa imayendera limodzi ndi kuchitapo kanthu lero lomwe. Mukukumbukira hadisi ya mu Tirmizi, pamene Mtumiki anauza munthu uja kuti ayambe wamanga ngamira yake kenako ayadzamire kwa Allah.

Lachinayi ndi pempho la ndalama lovala duwa: limayamba ndi "ndiikeni m'maduwa" n'kuthera pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Ena ndi ovutikadi, ena ayi, ndipo kungowerenga simungawasiyanitse. Surat Al-Hujurat ndime 6 imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu. Nambalayo ichoke, ndipo mwini wake atumizidwe ku komiti ya mzikiti wa kwawo, imene ingathe kukaona ndi maso. Mukaisiya, owerenga amaganiza kuti gulu lanu latsimikiza, ndiye amatumiza chifukwa chokhulupirira inu.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tiyerekeze kuti mwaponya kanema wa mphindi zitatu ikangotha Juma. Nthawi ya Asiri mukupeza mlongo wina walemba chonchi: watchula dzina lake ndi mudzi wake pafupi ndi Ntaja, akuti mwamuna wake ali ku Joni ndipo wasiya kutumiza thandizo, mwana wake wa zaka ziwiri akutsegula m'mimba ndi kusanza kuyambira dzulo, alibe pogwira. Pamapeto waika nambala yake.

Pansi pake pabwera kale mayankho. Ambiri alemba "Amiin". Wina wodzitcha Shehe, nambala yake yoyamba ndi +27, akuti amabweza mwamuna wothawa pamasiku atatu. Mnyamata wina akuti "bwerani ku inibokosi achemwali, ndikuthandizeni". Wina akumudzudzula kuti pachithunzi chake sanafunde bwino, n'chifukwa chake akukumana ndi mavuto.

Pempho limodzili lili m'magulu awiri, lachiwiri ndi lachitatu. Ndiye muyambe ndi chiyani?

Yambani ndi mwana. Mwana wamng'ono wotsegula ndi kusanza amatha madzi m'thupi msanga, ndipo kuno sitifunika kukumbutsidwa: mliri wa kolera wa 2022 unalengezedwa mu Malichi, wodwala woyamba atapezeka pachipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde. Mmodzi wa alongo oyang'anira aimbe nambala ija nthawi yomweyo. Amuuze mayiyo kuti apite naye mwana kuchipatala chapafupi lero, osadikira mawa, ndipo panjira azimumwetsa Thanzi pang'onopang'ono komanso kumuyamwitsa ngati akuyamwa. Woimbayo akhale mlongo, osati m'bale. Mkazi wokwatiwa amene mwamuna wake ali kutali akayamba kulandira mafoni a mnyamata wa pagulu la mzikiti, mwamuonjezera vuto lina pamwamba pa limene ali nalo.

Chachiwiri, pafoni pomwepo muuzeni kuti mawu ake achotsedwa ndipo mufotokoze chifukwa: "Achemwali, pempho lanu talilandira ndipo tikupangirani duwa. Koma tichotsa zimene munalemba zija chifukwa pali nambala yanu ndi nkhani ya banja lanu, anthu ena angakuvutitseni nazo." Mukangochotsa osamuuza, iye amaona ngati Asilamu anzake amukana pa tsiku limene analira.

Chachitatu, chotsani. Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Pa Facebook, mukasankha Hide, mawuwo amabisika kwa anthu ena onse, koma mwini wake ndi anzake a pa Facebook amawaonabe. Tsono anzake a mlongoyu ndi ndani? Ndi achibale a mwamuna wake, oyandikana nawo nyumba, anthu omwewo amene sakuyenera kuwerenga. Pa nkhani ya chinsinsi gwiritsani ntchito Delete. Hide ndi wa munthu wofuna mkangano, amene mukufuna kuti azilankhula yekha popanda omumvera.

Chachinayi, a mayankho aja. Wobweza amuna uja ndi wa Block basi, popanda kukambirana naye. Chizindikiro chake n'chosabisika: amalonjeza zotsatira ndi tsiku lake, ndipo amakukokera kumbali kumene akatchule mtengo. Duwa ilibe mtengo, ndipo palibe munthu amene angalonjeze kuti Allah ayankha Lolemba. Musanamutseke, sungani sikirinishoti, chifukwa mlongoyo akadzaberedwa kapena kuopsezedwa udzakhala umboni kupolisi. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa intaneti. Mnyamata wa inibokosi uja mawu ake achoke ndipo achenjezedwe kamodzi. Mwina cholinga chake chinali chabwino, koma thandizo lenileni limadutsa kwa oyang'anira. Wodzudzula uja mulembereni kumbali, mwaulemu, kuti nasiha ili ndi malo ake, ndipo malo ake si pamene munthu akulira. Mumukumbutsenso kuti palibe amene anauzidwa chifukwa chimene Allah akumuyesera kapolo wake.

Chachisanu, bwezerani pempholo mosatchula munthu. Oyang'anira alembe okha: "Mlongo wathu wina mwana wake akudwala ndipo banja lake lili pa mayesero. Timukumbukire m'maduwa athu." Anthu apitiriza kunena "Amiin", duwa ichitika, koma palibe amene akudziwa khomo lake.

Chomaliza, Lamlungu kapena Lolemba mlongo uja aimbenso kufunsa kuti mwana ali bwanji. Ngati pakufunika thandizo la chakudya kapena ndalama, nkhaniyo ipite ku komiti ya mzikiti wa kwawo, iye atavomera.

Mawu ena amene asakudutseni

Pali pempho limene limaoneka lofatsa koma ndi loopsa kuposa onse: "Ndatopa nawo moyo uno, nonse mundikhululukire." Ambiri amathamangira kulemba kuti kudzipha ndi haramu. Munthuyo akudziwa kale, anaphunzira kumadrasa ngati inu. Chimene akufuna ndi munthu woti amumvere. Mupezeni nthawi yomweyo, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzivulaza, musamusiye yekha, pezani wachibale kapena Shehe amene iye amamukhulupirira, ndipo aperekezedwe kuchipatala cha boma, kaya ku Liwonde kaya ku Balaka. Ngati nkhani ndi ya mwana amene akuchitidwa nkhanza, pali nambala yaulere ya 116. Ngati ndi nkhanza za m'banja, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit.

Pali mtundu winanso umene umabwera pa maliro. Wina walemba kuti bambo ake amwalira, akupempha duwa, ndipo watchulako za sadaka ya tsiku la arubaini. Pasanathe ola, a Kadiriya ndi a Sukuti agwirana, wina akuti bidia, wina akuti ndi zimene tinawapeza nazo makolo athu, nkhani ya sikiri yalowanso. Kusiyana kumeneku n'kwakalekale m'dera lathu, ndipo sikudzathera pansi pa pempho la mwana wamasiye. Oyang'anira asakhale mbali. Alembe kamodzi kuti pano tikupepesa wofedwa, mafunso a malamulo apite kwa Mashehe, kenako onse opitiriza mkanganowo abisidwe, a mbali zonse ziwiri mofanana. Mukabisa mbali imodzi yokha, mwalowa nawo mkanganowo.

Ndipo ife oyang'anira tisalembe zija zoti "lembani Amiin ngati mumakonda Mtumiki", kapena "amene adutse osalemba sadzaona zabwino". Palibe umboni wake m'chipembedzo, ndipo kumeneko n'kugwiritsa ntchito duwa pokweza manambala a kanema.

Uthenga wokhoma pamwamba

Ntchito yambiri imachepa ngati anthu auzidwiratu. Kanema akangoponyedwa, lembani uthenga wanu n'kusankha Pin kuti ukhale pamwamba pa ena onse. Ukhale waufupi, chifukwa ambiri akuwerenga pa foni yaing'ono bandulo ikutha. Uyambe ndi kulandira, osati kuopseza. Nawu umene mungatenge n'kusintha:

"Asalamu alaikum. Ngati mukufuna duwa, lembani mwachidule, tikukumbukirani. Simukufunika kutchula dzina, mudzi, nambala ya foni kapena chinsinsi cha banja, Allah akukudziwani. Mukatchula, tichotsa pofuna kukutetezani ndipo tikuuzani. Nkhani yachinsinsi titumizireni kumbali, alongo adzayankhidwa ndi mlongo. Ife sitilipiritsa duwa ndipo sititumiza munthu kukupemphani ndalama. Wina akakutsatani ku inibokosi m'dzina lathu, tidziwitseni. Ngati wina wadwalika kapena ali pangozi, pitani kuchipatala kapena kupolisi tsopano, duwa tipanga muli panjira."

Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba chikumuuza munthu kuti walandiridwa. Chachiwiri chikumupatsa chifukwa cha chipembedzo chosaululira zambiri, chimene chimamveka kuposa lamulo louma. Mawu oti "tikuuzani" ndi lonjezo, ndiye muzilisunga. Mawu oti sitilipiritsa ndi amene amadula miyendo wakuba, chifukwa ambiri mwa iwo amadzionetsa ngati ndi a gulu lanu. Popeza ku Machinga ndi mbali zina za Balaka anthu ambiri amamva bwino Chiyao, pemphani amene amachilemba bwino akonze uthenga womwewu m'Chiyao, muuike pansi pake.

Pa mayankho a tsiku ndi tsiku, musamakope mawu amodzi kwa aliyense. Wa mayeso muyankheni za mayeso: "Allah akufewetsereni ndipo aike baraka pa zimene mwawerenga." Wodwazika mayi: "Allah awachize mayi ndipo akupatseni mphamvu powasamalira." Wofedwa: "Allah awakhululukire, awachitire chifundo, ndipo akupatseni kupirira." Munthu amazindikira ngati mwawerengadi zimene walemba.

Chenjezo limodzi: musalembe kuti "takupangirani duwa" musanapange. Ndi bodza laling'ono limene limazolowereka msanga. Njira yosavuta ndi iyi: woyang'anira wa tsikulo alembe mapempho pakapepala popanda maina, apange duwa ikatha Isha, kapena apereke kwa Shehe kuti awakumbukire pa darasa.

Kugawana ntchito ndi sefa ya mawu

Oyang'anira akhale osachepera awiri, m'bale ndi mlongo. Maola oyambirira kanema akangotuluka ndi amene anthu amalemba kwambiri, ndipo akuba amafika nthawi yomweyo. Gwirizanani nthawi zoyang'ana, mwachitsanzo ikatha Asiri, ikatha Isha ndi m'mawa mwake. Ngati tsikulo nonse mwatanganidwa, kanemayo adikire. Musaiwalenso makanema akale, chifukwa munthu amatha kulemba lero pansi pa hutuba ya Ramadani yapita.

Facebook ili ndi Moderation Assist, YouTube ili ndi Blocked words, zimene zimagwira zokha mawu amene mwawatchula. Zimathandiza pa malinki ndi pa mawu a akuba monga "sing'anga", "kubweza mwamuna" ndi "ndalama zamatsenga". Mawu otukwana a Chichewa ndi Chiyao muyenera kuwalembamo nokha. Koma samalani: musaikemo mawu ngati "imfa", "kudzipha", "kumenyedwa" kapena "kugwiriridwa". Mukatero sefa idzabisa anthu amene akufunika thandizo mwachangu kuposa onse, inu osadziwa. Ndipo tsiku lililonse tsegulani zimene sefa yagwira, chifukwa mayi wolemba kuti anapita kwa sing'anga koma tsopano akufuna kulapa, nayenso wagwidwa momwemo.

Zimene mwawerenga kumbali ndi amana. Sizipita m'gulu la WhatsApp la oyang'anira ngati nkhani yocheza, sizikambidwa kunyumba. Surat Al-Hujurat ndime 12 imaletsa kufufuzana ndi miseche, ndipo sinapatule oyang'anira.

Mudziwa bwanji kuti zinthu sizili bwino?

Zizindikiro zake n'zooneka. Alongo asiya kupempha duwa, atsala abale okha: ndiye kuti akutsatidwa ku inibokosi. Munthu wafufuta yekha pempho lake patangopita nthawi yochepa: wina wamuseka kapena wamuimbira. Mawu omwewo, nambala yomweyo, zikupezeka pansi pa makanema atatu: ameneyo ndi wakuba amene wapeza kuti pakhomo palibe mlonda. Mayankho otsutsana achuluka kuposa maduwa: mwachedwa kulowererapo.

Ndiye ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tsegulani makanema anu asanu omaliza, muwerenge zonse zimene zalembedwa pansi pake. Paliponse pamene mupeze nambala ya foni, dzina la mudzi kapena chinsinsi cha banja, mupezeni mwini wake, mumufotokozere, kenako muchotse. Mukamaliza, khomani uthenga uja pamwamba pa kanema aliyense.

Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsa, mu hadisi ya Abu Huraira imene ili mu Muslim, kuti amene amubisire Msilamu mnzake, Allah adzamubisira pano padziko ndi tsiku lomaliza. Allah atibisire zofooka zathu, achize odwala athu, ndipo atipange kukhala anthu osunga amana.

Wasalamu alaikum warahmatullah.